Chikhadabo cholowa mu mnofu: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri ife otsuka ndi kumanga mabala kuno ku Mzuzu. Amachuluka nyengo ya mvula anthu akamakhalira magambuti, komanso mu Juni ndi Julayi pamene kuzizira kumachititsa munthu kugona ndi sokosi zomwe wayenda nazo tsiku lonse. Tayamba ndi osavuta, a opaleshoni ali chakumapeto.

Kodi chimachitika n'chiyani kuti chala chipweteke chonchi?

M'mbali mwa chikhadabo muli kangalande kamene chikhadabocho chimayendamo chikamakula. Nsonga ya chikhadabo ikakhala yosongoka, kapena mnofu wa m'mbali ukakankhidwira pa chikhadabo, nsongayo imaboola khungu la m'kangalandemo. Thupi limaitenga ngati munga: pamafiira, pamatupa, ndipo kutupako kumapanikizanso mnofu pa nsonga yomwe ija. Ichi ndicho chifukwa ululu umawonjezereka m'malo mochepa. Nthawi zambiri chimagwidwa ndi chala chachikulu cha kuphazi, mbali imodzi kapena zonse ziwiri.

Sungani mawu akuti munga amenewa. Munthu wobayidwa ndi munga sachira ndi mankhwala opaka mungawo ukadali momwemo, ndipo mayankho onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Chimayambitsa n'chiyani? Ine mapazi ndimasamba tsiku lililonse.

Si nkhani ya uve. Choyambitsa chachikulu ndi kawengedwe. Ambiri timawenga zikhadabo za kuphazi monga za kumanja, kuzungulira m'makona ndi kuzifupikitsa mpaka mnofu wa kutsogolo kuonekera. Ena amangoyamba ndi lezala pang'ono kenaka n'kusadzula ndi zala, ndipo chikhadabo chosadzulidwa chimang'ambikira pansi, n'kusiya kamphindi kosongoka kobisika mu mnofu.

Chachiwiri ndi nsapato. Ya pakaunjika imene munaikonda kumsika wa Zigwagwa koma ikuthina kutsogolo, n'kumati ifutukuka, imakankha mnofu pa chikhadabo pa sitepe iliyonse. Ana asukulu amene phazi lakula koma nsapato ndi ya chaka chatha amavutika kwambiri. Thukuta nalo limafewetsa khungu kuti libooke msanga, choncho ovala magambuti ndi nsapato za pulasitiki amabwera kwa ife pafupipafupi. Palinso kupunthwa, kumenya mpira, ndi mtundu: mabanja ena zikhadabo zawo ndi zopindika m'mbali ngati chikho chibadwire. Kwa achikulire, chikhadabo chokhuthala ndi mafangasi chimathanso kukanikiza mnofu.

Sangakhale matekenya?

Yang'anani bwino. Tekenya amayabwa poyamba, ndipo amaoneka ngati kachotupa koyera kozungulira kokhala ndi kadontho kakuda pakati. Chikhadabo cholowa mu mnofu sichiyabwa, chimabaya, ndipo ululu wake umatsata mzere wa m'mbali mwa chikhadabo mukadinapo.

Ndingadziwe bwanji kuti changa ndingathe kuchisamalira kunyumba?

Tsukani chala, muchione pamalo owala. Ngati m'mbali mwafiira ndi kutupa pang'ono, pakuwawa mukadina kapena mukavala nsapato, koma palibe mafinya, palibe magazi ndipo khungu silinaphulike, chimenecho n'cha kunyumba. Apa ndi pamene madzi ofunda ndi thonje zimagwira ntchito, ndipo ambiri amachira osafika kuchipatala.

Ngati pakutuluka madzi kapena mafinya, sokosi ikumamatira, ndiye kuti khungu labooka ndipo tizilombo talowa. Apa wachipatala ayenera kuchiona. Ngati pamera kanyama kofiira kamene kakukwera pamwamba pa chikhadabo, za kunyumba zatha, werengani funso la zizindikiro za opaleshoni. Odwala shuga asadalire yankho ili, ali ndi funso lawolawo kutsogoloku.

Ndichite chiyani kunyumba, tsiku ndi tsiku?

Viikani phazi m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu patsiku ngati n'kotheka, koma kawiri pasalephereke: m'mawa ndi pogona. Madzi akhale ofunda oti chigongono chanu chipirire bwinobwino, osati otentha. Pa lita imodzi thirani masipuni ang'ono awiri a mchere wa kukhitchini, kapena sungunulani sopo wamba. Beseni likhale lotsuka, osati lomwe munaviikamo zokolopera.

Khungu likafewa, kankhani mnofu wotupawo pang'onopang'ono ndi chala chamanthu, kuuchotsa pa chikhadabo. Kenaka pukutani mpaka paume, ndi pakati pa zala pomwe. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amaviika bwino koma n'kuvala sokosi phazi likadali lonyowa, khungu n'kukhala lofewa tsiku lonse, nsonga n'kumalowa mosavuta.

Masiku amenewa valani masilipasi kapena sandasi. Tikudziwa kuti ku Mzuzu ndi matope ndi kuzizira zimenezi n'zovuta, ndipo kuntchito kwina salola. Ngati simungachitire mwina, valani nsapato yotakasuka kutsogolo, sinthani sokosi tsiku lililonse, ndipo muzivula mukakhala pansi. Pali njira inanso yothandiza ovala nsapato: matani nsonga ya pulasitala pa mnofu wa m'mbali mwa chikhadabo, mukokere pansi ndi kuzunguliza kunsi kwa chala, kuti mnofu utalikirane ndi chikhadabo. Musazungulize chala chonse mothina ngati mphete.

Ululu ukakula imwani panado. Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Bulufeni amachepetsanso kutupa, koma amamwedwa mutadya, ndipo sayenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena amayi oyembekezera.

Za thonje ndinamvapo. Amaika bwanji?

Cholinga cha thonje ndi kutukula kona ya chikhadabo kuti ikamakula idutse pamwamba pa mnofu m'malo mouboola. Chitani izi mukangomaliza kuviika, chikhadabo chikadali chofewa. Sambani m'manja. Tsinani thonje loyera lochepa kwambiri, mulipote pakati pa zala likhale ngati njere ya mpunga kapena kucheperapo. Tukulani kona pang'ono ndi chinthu chabuntha chotsukidwa bwino, mulowetse thonjelo pansi pa kona ndi m'mbali mwake. Singano ndi pini ayi.

Tsiku loyamba zimawawa, ndipo mwina lilowa pang'ono chabe. Musakakamize, mawa lilowa kuposa lero. Sinthani thonje tsiku lililonse, chifukwa thonje lonyowa lokhalitsa limasunga tizilombo. Ngati kona simukuiona n'komwe chifukwa yamira mu mnofu wotupa, musaifufuze. Viikani masiku awiri kapena atatu kutupa kuphwe, ndipo ikapanda kuonekabe pitani nayo kuchipatala.

Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Pali nthawi ziwiri zimene anthu amasokoneza. Ululu ndi kufiira ziyenera kuyamba kuchepa pasanathe masiku atatu kapena anayi, ndipo pakutha pa sabata muyenera kuona kusintha kwenikweni. Koma kuti kona ikule n'kutulukira kutsogolo kwa mnofu zimatenga miyezi, chifukwa chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi ndi theka pamwezi. Ngati munadula kona n'kulowa mkati mamilimita 4, werengerani miyezi itatu. Chikhadabo chonse chikazuka chimatenga chaka mpaka chaka ndi theka kuti chibwerere.

Ululu ukatha mutha kusiya kuviika, koma thonje pitirizani ndipo kona musaikhudze mpaka itatulukira. Ambiri amagonja mwezi wachiwiri: kona ikafika pa mnofu wa kutsogolo imayambanso kukanda, iwo n'kutenga lezala. Apo ndiye abwerera poyambira.

Bwanji ndingosema kakonako ndi lezala? Ndikatero ululu umatha pompo.

Umathadi, ndipo n'chifukwa chake chizolowezichi sichitha. Koma onani chimene chimachitika. Lezala kapena chowengera sichifika pansi penipeni pa kangalande, pamene chikhadabo chabisika ndi mnofu. Mumadula mbali yooneka, kansonga ka m'mphepete n'kutsala, kosongoka kuposa kale komanso kakuya. Mnofu umadzaza malo amene mwasema. Pakapita masabata angapo kansonga kaja kakula, ndipo kutsogolo kwake kuli mnofu wokhawokha.

Mnyamata wina wa kabaza wa ku Chibavi anabwera kwa ife chala chitamangidwa ndi kansanza. Anati vuto linayamba mu Januwale atawenga mozungulira, ndipo mvula yonse anapalasa njinga atavala magambuti opanda sokosi. Anasema koyamba, anapuma mwezi. Anasema kachiwiri, anapuma masabata awiri okha. Kachitatu magazi anatuluka ndipo sanapumenso. Pofika mu Epulo m'mbali mwa chala munali kanyama kofiira konga nthanga ya nyemba, kotuluka magazi kakangokhudzidwa ndi gozi, ndipo amapalasa ndi chidendene.

Anatifunsa kuti, "Adokotala, simungangondipatsa makapisozi? Mawa ndili ndi makasitomala a kumsika." Mnzathu anamuyankha kuti, "Achimwene, makapisozi mwamwa kale kawiri, mwanena nokha. Chikukubayanicho chikadali momwemo." Atachititsa dzanzi chala n'kutukula m'mbali, munatuluka kachidutswa ka chikhadabo kosongoka ngati dzino la sowo, kotalika pafupifupi theka la sentimita. Mwini wakeyo sanakhulupirire kuti kanali mu mnofu wake. Akanasiya kona ija mu Januwale n'kuika thonje, mwina sakanatidziwa n'komwe.

Ena amati ndidule pakati pa chikhadabo ngati mphanda kuti m'mbali mubwerere pakati.

Sizigwira. Chikhadabo chimakula kuchokera kumuzu, kumbuyo, ndipo chimene mwachita kutsogolo sichisintha m'lifupi mwake. Mungotsala ndi chikhadabo chokola sokosi.

Nanga jivi, sipiriti, kapena kuthira ufa wa kapisozi pabala?

Ayodini wa mabala pang'ono mukatha kupukuta alibe vuto. Sipiriti amawawa ndi kuumitsa khungu, mungatsukire chowengera koma pabala lotseguka musathire. Jivi ifeyo timamudandaula chifukwa chimodzi: amadetsa chala chonse, ndiye inu ndi ife sititha kuona ngati kufiira kukufalikira. Kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa pabala kulekeni, ufawo umangouma n'kutseka mafinya mkati. Palafini, mafuta a buleki, phulusa ndi zitsamba zotafunira musayese n'komwe.

Mankhwala akumwa opha tizilombo ali ndi malo ake, makamaka kufiira kukafalikira kupitirira m'mbali mwa chikhadabo, koma alembe ndi wachipatala. Ogula nokha amaphwetsa kutupa kwa masiku ochepa, kenaka vuto limabwerera monga zinachitikira wa kabaza uja.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti pakufunika kaopaleshoni?

Chachikulu pa zonse ndi kanyama kofiira kaja. Thupi limakameretsa pofuna kutseka bala, koma poti chobaya chikadalipo, kamangokula, kunyowa ndi kukha magazi. Kakamera, kona imakwiririka pansi pake, thonje silingafikeko, ndipo kuviika kumangotsuka pamwamba. Chimodzimodzi ngati mnofu wa m'mbali wakhuthala ndi kuuma mpaka kuphimba mbali ya chikhadabo.

Mafinya amene akutuluka, kuleka, n'kuyambiranso ndi chizindikiro china. Chinanso ndi kubwereza: ngati mbali yomweyo yakuvutani kawiri kapena katatu ngakhale mukuwenga bwino, ndiye kuti chikhadabo chanu n'chotambalala kapena chopindika kuposa malo ake, ndipo thonje silingasinthe chibadwa. Pomaliza, ngati mwatsata za kunyumba mokhulupirika kwa sabata imodzi kapena awiri koma palibe kusintha, kapena ululu ukukulepheretsani kuvala nsapato ndi kugona, musapitirize kudikira.

Mawu akuti opaleshoni asakuopseni. Sakugonekani tulo, simugona m'chipatala, ndipo chala sachidula. Timanena izi chifukwa alipo amene amabisa chala miyezi isanu poopa kuti akachidula.

Ndi liti pamene ndiyenera kupita lero lomwe, osadikira mawa?

Ngati kufiira kwadutsa chala n'kukwera paphazi, ngati mukuona mzere wofiira wolunjika kumwendo, ngati mwatuluka mwanabere m'mphechepeche, kapena thupi latentha ndipo mukunjenjemera, tizilombo tayamba kufalikira. Chala chikayamba kuda, kuzizira kapena kununkha kwambiri, imeneyonso ndi ngozi. Nyamukani nthawi yomweyo.

Ndili ndi shuga. Malangizowa akundikhudza?

Za kunyumba zija si zanu. Shuga amaononga mitsempha ya kumapazi, kotero mutha kukhala ndi bala lalikulu osamva kuwawa, kapena kupsa ndi madzi oviikamo osadziwa. Magazi nawo safika bwino kuzala, ndiye kabala kakang'ono kamachedwa kupola ndipo kamatha kufika pafupa. Mukangoona kufiira m'mbali mwa chikhadabo, ngakhale pasakuwawa, kaonetseni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Musaike thonje, musadule chilichonse.

Izi zikukhudzanso amene mapazi awo amachita dzanzi kapena kuzizira nthawi zonse, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi amene akulandira mankhwala a khansa.

Kuno ku Mzuzu ndiyambire kuti?

Yambani ku chipatala chaching'ono cha kufupi nanu, monga cha Mapale m'tauni. Iwo aona ngati angathane nacho kapena akutumizeni ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Zipatala zolipira ziliponso, monga cha St John's. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi sandasi yotakasuka, chifukwa bandeji yake sikwana mu nsapato. Auzeni mankhwala onse amene mukumwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi, komanso ngati muli ndi pakati kapena jakisoni wa dzanzi anakuvutanipo. Ngati munasema ndi lezala lakale, nenani, aone za katemera wa kafumbata. Kudya idyani monga mwa masiku onse.

Kodi amachita chiyani kwenikweni? Zimawawa?

Chowawa ndi jakisoni, ndipo sitikunamizani, amaluma kwa kamphindi. Amabaya kawiri patsinde pa chala, mbali iyi ndi iyo, osati pabala penipenipo. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 chala chonse chimachita dzanzi, ndipo amayamba ayesa kaye. Mukamva kubaya nenani, awonjezere mankhwala. Kukhudza ndi kukoka mumamva, koma ululu ayi.

Kenaka amamanga kalabala patsinde pa chala kuti magazi asasokoneze, amatukula mbali yolowayo, n'kudula kachidutswa kowonda, mamilimita atatu kapena anayi m'lifupi, kuyambira kutsogolo mpaka kumuzu pansi pa khungu. Amakazula konse pamodzi ndi nsonga yobaya ija, amapala kanyama kofiira, amachotsa kalabala ndi kumanga bandeji. Zonse sizipitirira theka la ola. Chikhadabo chotsala chimakhala pamalo pake, chimangochepa pang'ono m'lifupi.

Kuzula chikhadabo chonse kumachitika ngati chaonongeka kwambiri kapena chakhuthala ndi mafangasi. Pa vuto la m'mbali mokha si njira yabwino, chifukwa chatsopano chimamera ndi m'lifupi momwemo, ndipo nthawi zambiri chimalowanso.

Kodi chidzameranso n'kundivutitsanso?

Zimatengera chimene achita ndi muzu. Akangochotsa kachidutswa n'kusiya muzu, mbali imeneyo imameranso pakapita miyezi. Kwa munthu amene vuto lake linali kawengedwe, monga wa kabaza uja, izi zimatha kukwanira, bola asabwerezenso lezala. Koma kwa amene chikhadabo chake n'chopindika chibadwire, kapena wavutika kangapo, chimakonda kubwerera.

Pofuna kuti chisamerenso amapha kachigawo ka muzu ka mbali yokhayo. Njira yodziwika ndi kupaka mankhwala owotcha otchedwa fenolo pamuzupo kwa mphindi zochepa. Ina ndi kudula kachigawo ka muzuko ndi mpeni wa opaleshoni, nthawi zina n'kusoka. Muzu ukaphedwa, mwayi wobwereranso umachepa kwambiri, ngakhale nthawi zina kansonga kamatha kuphukanso ngati pena panatsala. Funsani asanayambe: "Muzu muusiya kapena muupha?" Ngati ino ndi nthawi yachiwiri kuchotsa mbali yomweyo, funso limeneli musaliiwale.

Ndikatuluka kuchipatala ndizisamala bwanji?

Dzanzi limatha pakapita ola limodzi kapena awiri, choncho imwani panado lisanatheretu. Tsiku limenelo ndi lotsatira khalani pansi, phazi mutalisanjika pa pilo kapena pampando. Chala chikalendewera chimagunda ngati mtima. Magazi akadutsa bandeji musaimasule, onjezerani ina pamwamba, mudinepo ndi kukweza phazi. Akapanda kuleka bwererani. Musapalase njinga kapena kuyendetsa galimoto chala chikadali ndi dzanzi.

Bandeji yoyamba imasinthidwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, malinga ndi mmene akuuzirani. Kuchokera apo tsukani ndi madzi a mchere aja, koma tsopano owiritsa n'kuziziritsa, pukutani ndi gozi ndi kumanga yatsopano tsiku lililonse. Ngati anapaka fenolo, bala limatuluka timadzi tachikasu kwa masabata awiri mpaka 6. Ambiri amaona ngati lavunda n'kuthamangira makapisozi, koma ndi mmene limapolera. Chodetsa nkhawa ndi ululu umene ukukula pakatha masiku atatu, mafinya okhuthala onunkha, ndi zizindikiro za funso la kupita lero lomwe.

Wa muofesi amabwerera kuntchito pakatha masiku awiri kapena atatu atavala sandasi. Wa kabaza uja tinamuuza adikire masabata awiri asanalowetse phazi m'gambuti, ndipo osewera mpira timawauza chimodzimodzi, kapena kupitirirapo ngati bala likadali lonyowa.

Ndiziwenga bwanji kuyambira lero?

Wengani mukangosamba, ndi chowengera zikhadabo chachikulu kapena sizasi, osati lezala. Dulani mowongoka kuchoka mbali ina kufika ina, pang'onopang'ono, osasadzula chotsalira. Makona onse awiri azioneka atakhala pamwamba pa khungu, ndipo kutalika kwa chikhadabo kufanane ndi nsonga ya chala. Kona ikakhala yakuthwa ikhuleni pang'ono ndi chokhulira, musaidule. Mukapita kusaluni auzeni asalowe m'makona.

Nsapato yesani madzulo, phazi litafufuma, mutaimirira komanso mutavala sokosi. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana chala chamanthu cha kumanja mopingasa, ndipo zala zizitha kugwedezeka momwemo. Za ana asukulu muziyesanso teremu iliyonse ikamayamba.